Mpeni wothamangitsa lata: momwe mota ya sevo imadulira pa muyezo wake

Malata amene timafolera nyumba amafika ku fakitale ngati chimkulungo chachikulu cha chitsulo chopyapyala, chomwe amisiri amachitcha koyilo. Chitsulocho chimadutsa pakati pa magudumu angapo amene amachipinda pang'onopang'ono mpaka chitakhala ndi mizere, kenaka mpeni umachidula pa muyezo umene wogula waitanitsa. Pa makina ambiri osavuta, lata limaima kaye kuti mpeni utsike. Koma pa makina othamanga, lata siliima konse. Mpeni umakhala pa kangolo koyenda pa tinjanji, ndipo kangoloko kamanyamuka, kamalipeza lata likuyenda, kamayenda nalo limodzi pamene mpeni ukudula, kenaka kamabwerera kukadikira lotsatira.

Kuti zimenezi zitheke, makina ayenera kuyankha mafunso atatu nthawi ndi nthawi. Kodi ngolo ili pati? Kodi iyenera kukhala pati? Nanga malo amenewo tikuwawerenga kuyambira pati? Amene amayankha ndi mota ya sevo pamodzi ndi bokosi loyiyendetsa, lotchedwa dilaivi. Titenge makina amodzi achitsanzo ndi kuwatsatira mpaka kumapeto: lata likuyenda mamita 30 pa mphindi, kutanthauza mamilimita 500 pa sekondi, ndipo tikufuna malata a mamita 3. Manambalawa ndawasankha kuti masamu aziyenda bwino, koma sali kutali ndi amene mungawapeze pa makina enieni.

Mota yodziwa pamene yafika

Mota wamba, monga ya pachigayo, mukaiyatsa imangozungulira. Siidziwa kuti yazungulira kangati, ndipo katundu akailemera imachepa liwiro popanda wina woifunsa. Mota ya sevo ili ndi kachipangizo kumbuyo kwake kotchedwa enkoda, kamene kamagawa kuzungulira kumodzi m'tizigawo ting'onoting'ono ndi kumauza dilaivi kuti shafiti yadutsa tingati. Tizigawo timeneti tizititchula kuti timadontho. Enkoda ya mota yathu imawerenga timadontho 131,072 pa kuzungulira kumodzi, nambala yofala kwambiri pa mamota amakono.

Mota siikoka ngolo mwachindunji. Imadzera pa giyabokosi yochepetsa liwiro kasanu, ndipo giyabokosiyo imazunguza pule yokoka lamba wa mano. Pule ikazungulira kamodzi, lamba amayenda mamilimita 200. Choncho mota ikazungulira kamodzi, ngolo imayenda gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda umenewo, omwe ndi mamilimita 40. Tikagawa 131,072 ndi 40, tikupeza kuti pa milimita imodzi pali timadontho 3,276.8. Maso a dilaivi ndi akuthwa kuposa tepi yoyezera iliyonse. Komabe maso akuthwa satanthauza kuti kadulidwe kakhala kolondola, ndipo ogulitsa makina akamanyadira kuchuluka kwa timadontho, ndi bwino kukumbukira kuti lamba womasuka angathe kusocheretsa ngolo ndi milimita yathunthu enkoda osaona kanthu, popeza iyo imaona shafiti ya mota, osati mpeni.

Lupu ya malo

M'kati mwa dilaivi muli ntchito imene imabwerezedwa kosalekeza, kawirikawiri kokwana 1,000 pa sekondi kapena kuposa. Dilaivi imatenga malo amene ngolo iyenera kukhala, n'kuchotsapo malo amene enkoda yanena, n'kutsala ndi kusiyana. Kusiyanako ikakuchulukitsa ndi nambala ina, kumasanduka lamulo la liwiro. Ngolo ikatsalira kwambiri, lamulo limakula. Ikayandikira, limachepa. Kuzungulira kumeneku, kuchoka pa lamulo kupita ku mota, kuchoka ku mota kupita ku enkoda, n'kubwereranso, ndiko kumatchedwa lupu ya malo.

Lupu ya malo siilankhula ndi mota yokha. Pansi pake pali lupu ya liwiro, imene imaona ngati mota ikuthamanga monga yauzidwira, ndipo pansi pa imeneyo pali lupu ya mphamvu ya magetsi olowa m'mota, yomwe ndi yofulumira kuposa zonse. Ya malo imalamula ya liwiro, ya liwiro imalamula ya mphamvu. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayamba kukonza ya m'kati, n'kumatulukira kunja. Lupu ya liwiro ikakhala yaulesi, ngakhale mutaikalipira motani ya malo, ngolo izingopitirira malo ake n'kumabwerera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri. Ngati lamulo la liwiro limabadwa kuchokera pa kusiyana, ndiye kuti ngolo yoyenda iyenera kukhala yotsalira nthawi zonse. Kusiyana kukafika pa ziro, lamulo nalo lafika pa ziro, mota yaima. Kutsalirako kumawerengeka mosavuta:

```
e = v / Kv
```

Apa e ndi kutsalira, v ndi liwiro, ndipo Kv ndi nambala yochulukitsira ija, imene pa sikirini ya dilaivi zambiri imalembedwa kuti Position loop gain. Tinene kuti Kv ndi 50. Pa liwiro la mamilimita 500 pa sekondi, mpeni uli mamilimita 10 kumbuyo kwa pamene uyenera kukhala. Makina akamayenda pang'onopang'ono, mamita 12 pa mphindi, omwe ndi mamilimita 200 pa sekondi, kutsalirako ndi mamilimita 4.

Wina angayembekeze kuti lata lililonse lituluka litatalika ndi mamilimita 10. Sizitero. Utali wa lata ndi mtunda wa pakati pa modula muwiri, ndipo ngati mpeni unatsalira mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, kulakwitsako kumafafanizana. Malata amatuluka a mamilimita 3,000 ndendende tsiku lonse, ndipo palibe amene amadziwa kuti pali vuto. Limaonekera pokhapokha liwiro likasintha. Woyendetsa makina amayamba pang'onopang'ono, mpeni n'kudula utatsalira ndi 4. Kenaka amakweza liwiro, mpeni n'kudulanso utatsalira ndi 10. Lata limene lili pakati pa modula muwirimo limatuluka ndi mamilimita 3,006. Akamatsitsa liwiro pomaliza oda, lata limodzi limatuluka ndi 2,994. Mukaunjika malatawo, awiri okha ndi amene amasiyana ndi anzawo, ndipo nthawi zonse ndi a koyambirira ndi a kumapeto. Mukaona chizindikiro chimenechi, musayambe n'kumasula mpeni.

Njira yoyamba imene imabwera m'mutu ndi kukweza Kv. Mukaifikitsa pa 100, kutsalira kumatsika ndi theka. Koma ngolo yonyamula mpeni ndi yolemera, ndipo lamba amatamuka pang'ono akakokedwa mwadzidzidzi. Mukapitiriza kukweza, mota imayamba kukonza cholakwika chimene chasintha kale, ngolo imanjenjemera, mumamva kulira kwachilendo, mota imatentha. Makina aliwonse ali ndi malire ake, ndipo malirewo amaikidwa ndi zitsulo ndi lamba, osati dilaivi.

Njira yabwino ndi ina. Popeza dilaivi ikudziwa kale liwiro limene lata likuyendera, palibe chifukwa chodikira kuti ngolo itsalire kaye. Liwirolo limaperekedwa mwachindunji ku lupu ya liwiro, ndipo lupu ya malo imangotsala ndi ntchito yokonza zotsalira zazing'ono. Pa sikirini chinthuchi chimalembedwa kuti Velocity feedforward. Mukachiika pa 90 peresenti, kutsalira kwa mamilimita 10 kumakhala 1, kwa 4 kumakhala 0.4, ndipo lata lotalika lija limangopitirira ndi theka la milimita ndi pang'ono, zimene kalipentala ali padenga sangazione. Amisiri ena amafikitsa pa 100 peresenti, ena amasiya pang'ono pansi pake chifukwa ngolo imatha kupitirira malo ake pamene liwiro likusintha mwadzidzidzi. Ine ndimaona kuti poyamba ndi bwino kusiyako kamalo, kenaka n'kuyang'ana chithunzi cha kutsalira pa kompyuta musanakwezenso.

Kutsalira kulinso ndi ntchito ya ulonda. Dilaivi imapatsidwa malire, mwachitsanzo mamilimita 20, ndipo kutsalira kukapyola pamenepo imaimitsa mota n'kuonetsa alamu ya Following error. Alamu imeneyi nthawi zambiri siinena kuti dilaivi yafa. Imanena kuti chinachake chikugwira ngolo: tinjanji touma topanda girizi, chidutswa cha lata chimene chakodwa, kapena mpeni umene sunakwere msanga. Kukulitsa malirewo kuti alamu isiye kuvutitsa n'kumene kumathyoletsa lamba.

Kupeza poyambira

Enkoda yamtundu wofala imangowerenga kuonjezera ndi kuchotsera. Magetsi akathima imaiwala zonse, ndipo akayakanso imayamba pa ziro, ngakhale ngolo itaima pakati pa tinjanji. Kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuthima ntchito ili m'kati, zimenezi si zachilendo. Choncho makina asanayambe kudula, ngolo iyenera kupita kukapeza chizindikiro chodziwika ndi kuyambira pamenepo kuwerenga. Batani lake kawirikawiri limalembedwa kuti Home.

Chizindikirocho ndi sensa yomva chitsulo, yomangidwa chakumapeto kwa tinjanji. Ngolo imabwerera m'mbuyo pa liwiro lochepa, tinene mamilimita 50 pa sekondi, mpaka kachitsulo kake katafika pa sensa. Imaima, n'kuyamba kuchokapo pang'onopang'ono kwambiri, mwina mamilimita 5 pa sekondi, mpaka sensa itasiya kuona kachitsulo. Chifukwa choyendera pang'onopang'ono n'chakuti uthenga wa sensa umachedwa pang'ono kufika, ndipo ngolo yothamanga imakhala itayenda kale mtunda ndithu uthengawo usanamveke.

Ngakhale zili choncho, sensa si yodalirika kotheratu. Malo amene imamvera chitsulo amasuntha pang'ono kukatentha, kapena tizidutswa ta chitsulo tikamatirira pamaso pake. Pa chifukwa chimenechi, dilaivi siimatenga sensa ngati ziro. Enkoda ili ndi kadontho kapadera, kamodzi kokha pa kuzungulira kulikonse, kotchedwa Z. Sensa imangouza dilaivi kuti tsopano tafika m'dera loyenera, ndipo dilaivi imapitiriza kuyenda mpaka itakumana ndi Z woyamba. Pamenepo ndiye poyambira penipeni, ndipo pamabwerera pomwepo tsiku ndi tsiku.

Njirayi ili ndi msampha wake. Pa makina athu, Z amabwera pa mamilimita 40 aliwonse. Tiyerekeze kuti amene anamanga sensa anaiika pafupi kwambiri ndi pamene Z amadutsa, kusiyana kwake kosakwana milimita imodzi. Lero sensa yasiya kuona kachitsulo Z asanafike, dilaivi yamugwira pomwepo. Mawa kwatentha, sensa yachedwa pang'ono, Z wadutsa kale, ndipo dilaivi yapitirira kukagwira wotsatira. Poyambira pasuntha ndi mamilimita 40 athunthu. Ngolo imene imayenda bwino dzulo lero ikukafika pa swichi ya malire kumapeto kwa tinjanji n'kuimitsa makina, ndipo mukazimitsa n'kuyatsanso vuto limatha lokha, kuti lidzabwerenso mkuja. Mavuto otere amachititsa anthu kusintha zipangizo zabwinobwino. Chowazindikiritsa n'chakuti kusunthako sikukhala kwa nambala iliyonse. Kumakhala kofanana ndendende ndi mtunda wa kuzungulira kumodzi kwa mota. Mankhwala ake ndi kusuntha sensa kapena kachitsulo kake kuti Z azipezeka pafupifupi theka la kuzungulira kuchokera pa sensa, apa mamilimita 20. Dilaivi zambiri zimaonetsa mtunda umenewu pa sikirini pamapeto pa kupeza poyambira, ndipo ndi nambala yoyenera kuilemba m'buku la makina.

Pali enkoda ina imene imakumbukira malo ake ngakhale magetsi atathima. Yambiri mwa iyo imadalira kabatire ka mavoti 3.6 kokhala pa waya kapena pa dilaivi. Ndi yothandiza kwambiri kumalo kothimathima magetsi, koma batire likatha, kapena wina akazula waya wa enkoda ku mota, chikumbukirocho chimatayika ndipo poyambira payenera kuikidwanso. Batirelo amalisintha dilaivi ili yoyaka mbali yoyang'anira, kuti enkoda isasowe magetsi ngakhale kwa kamphindi. Chimodzimodzinso mukasintha lamba kapena kumasula mota pa giyabokosi: enkoda imakumbukirabe malo a shafiti, koma ngolo siilinso pamene inali.

Giya yopanda mano

Tsopano ngolo ikudziwa pamene ili. Chatsala ndi kudziwa pamene lata lili. Pamwamba pa lata pamakhala kagudumu koyezera, kopanikizidwa ndi sipuling'i kapena mpweya, ndipo lata likamayenda kamazungulira. Kuzungulira kwake kumodzi ndi mamilimita 500. Kali ndi enkoda yakeyake ya timizere 2,500, imene dilaivi imaiwerenga kanayi pa kamzere kalikonse, choncho timadontho timakhala 10,000 pa kuzungulira kumodzi, kapena 20 pa milimita. Lata la mamita 3 ndi timadontho 60,000, kagudumu katazungulira kasanu ndi kamodzi.

Pa makina akale, zigawo ziwiri zoyenera kuyendera limodzi ankazilumikiza ndi shafiti yaitali, matcheni ndi magiya a mano. Kusintha muyezo kunali kusintha magiya. Lero kulumikizako ndi nambala chabe. Kagudumu ndiko mtsogoleri, mota ndi wotsatira, ndipo dilaivi imauzidwa kuti pa kadontho kalikonse ka mtsogoleri, wotsatira ayende timadontho tingati. Iyi ndiyo giya ya magetsi. Kuti ngolo iyende mofanana ndi lata, milimita ya mtsogoleri iyenera kukhala milimita ya wotsatira. Milimita ya mota ndi timadontho 3,276.8, ya kagudumu ndi 20.

```
3276.8 / 20 = 163.84 = 4096 / 25
```

Dilaivi imapempha nambala ziwiri zathunthu, yapamwamba ndi yapansi, ndipo apa timalemba 4096 ndi 25. Wina waulesi angalembe 164 ndi 1. Kunena zoona, pa makina athuwa sangalangidwe kwambiri, chifukwa ngolo imayendera limodzi ndi lata mtunda waufupi, ndipo kusiyana kwake sikukwana theka la milimita. Koma pa makina amene mpeni wake umazungulira osabwerera, monga odula mapepala kapena mapulasitiki osindikizidwa, kulakwitsako kumaunjikana. Pa mamita 1,000 kumafika pafupifupi mita imodzi, ndipo mpeni umayamba kudula pakati pa zilembo ngati palibe sensa yoona chizindikiro chosindikizidwa. Chizolowezi cholemba nambala ziwiri zenizeni sichidya ndalama.

Giya siingalowe mwadzidzidzi. Ngolo yoima siingakhale pa mamilimita 500 pa sekondi m'kuphethira kwa diso. Munthu wofuna kukwera lole imene ikuyenda sadikira kuti pogwira pafike pamphuno pake. Amayamba kuthamanga lole ikadali kumbuyo, kuti pogwirapo pomupeza akhale akuthamanga mofanana nayo. Ngolo imachita chimodzimodzi. Tiipatse masekondi 0.4 kuti ifike pa liwiro la lata. M'nthawi imeneyo lata limayenda mamilimita 200, pamene ngolo, poti yayambira pa ziro, imayenda theka lake, 100. Ndiye iyenera kunyamuka malo odula akadali mamilimita 100 kumbuyo kwa mpeni. Ikanyamuka pa nthawi yake, malo odula amaupeza mpeni pa kamphindi komwe liwiro lafanana. M'mapulogalamu ambiri a makina, lamulo lochita zimenezi limatchedwa MC_GearInPos, ndipo chizindikiro chake cha InSync chikayaka m'pamene mpeni umaloledwa kutsika.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kunyamukako kumawerengedwa ndi timadontho ta kagudumu, osati ndi wotchi. Lata likachepa liwiro ngolo ili m'njira, nayonso imachepa. Lata likaima, imaima. N'chifukwa chake woyendetsa angathe kusintha liwiro la makina popanda kuuza ngolo.

Mpeni umatsika n'kukwera m'masekondi 0.6, ngolo n'kuyenda ndi lata mamilimita 300. Mpeni ukangotuluka, giya imamasulidwa, ngolo imaima m'masekondi 0.4 itayendanso 100, kenaka imabwerera mamilimita 500 onsewo m'sekondi pafupifupi imodzi. Zonse pamodzi ndi masekondi 2.4. Lata la mamita 3 limatenga masekondi 6 kuti lidutse, choncho ngolo imakhala ndi nthawi yopuma. Koma masamu omwewa amaika malire. M'masekondi 2.4 lata limayenda mamilimita 1,200, ndipo amenewo ndiwo malata aafupi kwambiri amene makinawa angadule pa liwiro limeneli. Wogula akafuna a mita imodzi, makina ayenera kutsika kufika pafupifupi mamita 25 pa mphindi kapena kucheperapo. Woyendetsa akakakamiza, ngolo imakhala isanabwerere pamene nthawi yonyamuka yakwana, ndipo makina amaima ndi alamu kapena amadumpha kudula.

Pamene malata ayamba kufupika

Tsiku lina kalipentala wabweza katundu: malata onse a mamita 3 akuperewera. Muwayeza khumi ndi tepi, onse ali pa mamilimita 2,988. Dilaivi ilibe alamu, kutsalira kuli kochepa, poyambira pali bwino. Funso loyamba ndi lakuti, kodi a miyezo ina akuperewera bwanji? Mudula a mamita 2, akuperewera ndi 8. A mamita 4 akuperewera ndi 16. Kuperewera kukukula motsatira utali, mamilimita 4 pa mita iliyonse, ndipo chimene chimalakwitsa motere ndi choyezera.

Kagudumu katha. Kuzungulira kwake sikulinso 500 koma 498, ndipo kazungulira kasanu ndi kamodzi lata litangoyenda 2,988. Kuti zifike pamenepa, kagudumu kangochepa m'mimba mwake ndi mamilimita 0.6 okha, zosaoneka ndi maso. Dilaivi yachita zonse molondola, koma molondola potsatira mtsogoleri wonama.

Woyendetsa wofulumira amangolemba 3,012 pa sikirini kuti apeze 3,000. Zimagwira pa oda imeneyo, koma oda ya muyezo wina ikabwera ayenera kulotanso nambala ina, ndipo mnzake wa usiku sadziwa kanthu. Komanso giya imakhala yolakwikabe. Ngolo imathamanga kuposa lata pang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa nthawi yodula, ndipo mpeni umakankha chitsulo uli m'kati, m'mphepete n'kutuluka mopindika. Chokonza chenicheni ndi kuuza makina kukula koona kwa kagudumu: 500 kuchulukitsa ndi 2,988, kugawa ndi 3,000, yankho 498. Pamenepo lata la mamita 3 limakhala timadontho 60,241, giya imatsika kufika pafupifupi 163.18, ndipo miyezo yonse imakhala bwino kamodzi. Pa makina amene giya imalembedwa payokha m'dilaivi, muyenera kukumbukira kusintha malo onse awiri.

Malata akamatalika m'malo mofupika, ndipo lililonse ndi nambala yake, ganizirani za kuterereka. Koyilo imabwera ndi mafuta pang'ono, ndipo kagudumu kakapanda kupanikizidwa mokwanira kamadumpha, n'kuwerenga timadontho tochepa kuposa mtunda weniweni. Makina amadikira kuti 60,000 ikwane lata litapitirira kale. Kuterereka sikufupikitsa lata, kumangolitalikitsa. Akamafupika mosatsata ndondomeko, nthawi zambiri ndi timadontho tabodza tolowa pa waya wa enkoda, makamaka ngati wayayo wagonekedwa m'ngalande imodzi ndi waya wamphamvu wa mota, kapena chishango chake sichinamangidwe ku chitsulo cha bokosi. Njira yoyesera ndi yosavuta. Imitsani lata, siyani dilaivi ili yoyaka, yendetsani ngolo payokha, n'kuyang'ana nambala ya kagudumu pa sikirini. Ikamasintha kagudumu kali chiimire, vuto lili pa waya.

Pali yesero limodzi limene ndi bwino kulidziwa pasadakhale. Kagudumu kamanjenjemera chifukwa lata silosalala, ndipo giya imapititsa kunjenjemerako ku mota kutachulukitsidwa ka 163. Mota imalira, ndiye mmisiri amaika sefa pa uthenga wa mtsogoleri kuti usalale. Sefa imathandizadi, koma imachedwetsa uthenga. Ikachedwetsa ndi mamilisekondi 4 okha, pa liwiro lathu ndi mamilimita 2, ndipo kutsalira kumene tinakuthamangitsa pa lupu ya malo kwabwereranso, ulendo uno kosaoneka pa nambala ya Following error, popeza mota ikutsatira bwinobwino lamulo lochedwa. Chizindikiro chake ndi chomwe chija, lata lotalika pokweza liwiro ndi lofupika potsitsa. Makina ena ali ndi malo olembapo nthawi yochedwayo kuti aziibwezera okha. Pamene palibe, sefa ikhale yaifupi momwe mota ingapiririre, ndipo kunjenjemera kuthetsedwe pa kagudumu pomwepo, pomanga bwino mkono wake ndi kukaika pamalo pamene lata silivina.

Zoyesa zonsezi zimachitika munthu ali pafupi ndi ngolo, ndipo ngolo ya sevo yoima siinafe. Ikudikira timadontho. Giya ikakhala yolowa, munthu wongozunguza kagudumu ndi dzanja angayendetse mpeni. Musanaike mkono pa tinjanji, mota ichotsedwe mphamvu kudzera pa STO, mpweya kapena mafuta otsitsa mpeni atsekedwe, ndipo pa ntchito ya masipanala magetsi azimitsidwe pa swichi yaikulu n'kuikhoma loko. Wotsegula bokosi la dilaivi adikire kaye mphindi zimene zalembedwa pa chivindikiro, chifukwa makapasita a dilaivi yolumikizidwa ku mavoti 400 amasunga mavoti oposa 500, ndipo amatenga nthawi kuti atsike magetsi atazimitsidwa kale.